Kanema wopempha thandizo la chipatala ali ngati kumema dima

Akomiti ya chipatala chathu chaching'ono agwirizana kuti pajambulidwe kanema wa pafoni wopempha thandizo, ndipo ntchitoyo yagwera inu chifukwa foni yanu imajambula bwino. Musachite mantha, abale anga. Ntchito imeneyi mukuidziwa kale, kungoti munkaionera kumunda. Munthu akadwala nthawi ya mvula, udzu n'kumera m'chimanga mwake, achibale amamema dima. Womemayo sayenda m'mudzi n'kumangoti "kwathu kuli mavuto." Amanena kuti munda ndi uja wa kudambo, tsiku ndi Loweruka m'mamawa, aliyense abwere ndi khasu lake, thobwa lilipo. Amene wamva amadziwa kopita, chonyamula, ndi nthawi imene ntchito idzathe. Ndipo womema dima sanyamula wodwalayo pamphasa kuti azimuonetsa khomo ndi khomo. Wodwala amatsala m'nyumba mwake ndi ulemu wake, anthu n'kubwerabe kudzapalira.

Kanema wanu ayende chimodzimodzi. Atchule munda umodzi, ndipo asavule munthu.

Tiyambe ndi munda. Chipatala chilichonse cha kumudzi chili ndi zosowa zambiri: magetsi, mjigo, mabedi, nyumba ya namwino, mafuta a ambulasi. Akomiti akakhala pansi amafuna zonsezi zilowe m'kanema, chifukwa zonse n'zoona ndipo zonse zikuwawa. Koma woonera akamva zinthu zisanu nthawi imodzi amagwa ulesi, amaona kuti ndalama yake yochepa ingomira osaoneka. Sankhani chinthu chimodzi chimene chingathe kugulidwa, kuwerengedwa ndi kuonetsedwa chikatha.

Tiyerekeze kuti chinthucho ndi denga la chidikiro, nyumba ija amagonamo amayi oyembekezera ochokera kutali akafika mwezi wawo womaliza. Malata ake achita dzimbiri ndipo akudontha. Vuto la denga lodontha silithera pa kunyowa kwa mphasa. Mayi akagona masiku angapo m'madzi amamanga katundu n'kubwerera kumudzi kuti adzabwere matenda akayamba, ndipo matendawo amayamba usiku, mtsinje utadzaza, njinga isakuoloka. Chifukwa chimenechi ndicho mtima wa kanema wanu. Woonera ayenera kumvetsa kuti lata limene akugula likusunga mayi pafupi ndi mzamba.

Musanajambule kalikonse, tumani kalipentala akwere padenga ayeze, ndipo tengani mitengo yolembedwa kuchokera ku mashopu awiri kapena atatu a zipangizo zomangira. Manambala amene ndigwiritse ntchito pano ndi ongoyerekeza, inu mudzaika anu a tsiku limenelo. Tinene kuti pakufunika malata 60, limodzi pa K30,000, onse pamodzi K1,800,000. Matabwa, misomali ndi malipiro a kalipentala, midzi yozungulira yasonkha kale kudzera mwa mafumu. Tsopano pempho lanu likukwana m'mpweya umodzi: tikufuna malata 60 pofika pa 31 Okutobala, mvula isanayambe, lata limodzi ndi K30,000, ndipo anthu asanu ndi mmodzi atasonkha K5,000 aliyense agula lata limodzi. Onani mmene pempholi likupatsira aliyense khasu lomukwana. Mwana wa m'mudzi amene ali ku Joni atha kunena kuti "ine anga ndi malata awiri." Gulu la banki m'khonde litha kunena kuti "ife lathu ndi limodzi." Mawu oti "chilichonse chimene mungathe" amamveka aulemu, koma amasiya munthu asakudziwa ngati K2,000 yake ndi thandizo kapena chipongwe, ndiye amangoti adzaona mawa.

Tsiku lomaliza likhale ndi chifukwa chenicheni. Kuno kwathu mvula imayamba cha mu Novembala, ndipo aliyense amadziwa kuti denga silisasulidwa mvula ili mkati. Simukufunika kupeka changu, nyengo yakupatsani kale.

Pali funso limene woonera aliyense ali nalo ngakhale salinena: ndalamayi ikupita m'thumba mwa ndani? Liyankheni m'kanema momwemo. Ndalama zilowe mu akaunti ya komiti imene amasainira anthu awiri kapena atatu, osati nambala ya inu wojambula. Ngati mukulandira kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, nambalayo ilembedwe pakanema komanso wapampando aitchule ndi pakamwa pake, atchulenso dzina limene wotumiza alione pafoni yake asanatsimikize. Chifukwa chake n'chakuti kanema akayamba kuyenda pa WhatsApp, wakuba atha kumutumiza kwa anthu ataikapo nambala yake m'munsi. Nambala yotchulidwa ndi pakamwa n'njovuta kuisintha. Nenaninso chimene mudzachite ndalama zikapitirira, mwachitsanzo kuti zotsala zidzakonza zitseko za chidikiro chomwecho. Ndipo ngati chipatalacho n'chaboma, pitani kaye kwa wamkulu wa pachipatalapo ndi ku ofesi ya zaumoyo ya boma lanu, mupeze chilolezo cholembedwa. Ngati n'cha mishoni, pitani kwa eni ake. Kanema wotuluka akuluakulu asakudziwa amaika namwino m'mavuto, ndipo amene amatsala akuyankha mafunso ndi iyeyo, inu mutapita.

Tsopano tifike pa nkhani imene ndikufuna tikhalitsepo, ya anthu ooneka m'kanemamo.

Munthu amene wabwera kuchipatala sanabwere kudzajambulidwa. Wabwera atafooka, nthawi zina atavala chimene wangotola, nthawi zina ndi matenda amene ngakhale apongozi ake sakuwadziwa. Ndiponso ali m'manja mwa anthu amene akumuthandiza. Mzamba amene adzamuchiritse mawa akamufunsa kuti "amayi, tingakujambuleni?", mayiyo adzati inde ngakhale mtima ukukana, chifukwa ndani angakanire munthu amene wagwira moyo wake? Inde wotere si chilolezo. N'chifukwa chake wopempha chilolezo asakhale wogwira ntchito pachipatalapo. Akhale mayi wa m'komiti kapena munthu wina wapadera, ndipo afunse pambali, osati pamzere pomwe anthu ena akumvetsera. Mawu oyamba akhale oti kukana kulibe mlandu, ndipo thandizo la kuchipatala silisintha kaya avomera kaya akana.

Kenako mufotokozereni zoona za kumene kanemayo akupita. Anthu ambiri akamva "kanema wa chipatala" amaganiza kuti akaonetsedwa kwa mabwana muofesi basi. Muuzeni kuti adzaikidwa pa WhatsApp ndi pa Facebook, kuti adzamuona anthu a kutchalitchi kwawo, amuna awo amene ali ku Joni, abale a amuna awo, ngakhale anthu amene sagwirizana nawo, ndiponso kuti kanema akangotuluka palibe amene angamubweze m'mafoni a anthu. Mupatseni tsiku loti akaganize ndi kukambirana ndi a kunyumba ngati akufuna. Akavomera, asaine kapena adinde chala papepala lolembedwa m'chilankhulo chake, limene lamuwerengedwera mokweza. Aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana pamalamulo a dziko lino, ndipo pamafunika chilolezo cha kholo kapena womulera, komanso mwanayo afune yekha. Kwa ine, mtsikana wamng'ono woyembekezera musamujambule n'komwe, ngakhale makolo atalola. Adzafuna kubwerera kusukulu, ndipo kanemayo adzamutsogolera kumeneko.

Zimenezi si ulemu wokha, ndi lamulonso. Gawo 21 la malamulo oyendetsera dziko la Malawi limateteza chinsinsi cha munthu, ndipo lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kuulula mmene magazi a munthu alili iye asanalole. Mutha kuswa lamuloli musanatchule liwu limodzi. Ngati mwajambula pabwalo la chipatala tsiku limene anthu amalandira mankhwala otalikitsa moyo, aliyense wa m'deralo amadziwa kuti benchi ija pafupi ndi chitseko chija ndi ya ndani. Funsani namwino kuti ndi tsiku liti komanso mbali iti imene foni yanu isaloze.

Ena amati tidzangophimba nkhope pokonza kanema. Kutauni mwina zimathandiza, koma kumudzi munthu sadziwika ndi nkhope yokha. Amadziwika ndi chitenje chake cha maluwa achikasu chimene anagula pa ukwati wa mng'ono wake, ndi kayendedwe kake, ndi mwana amene wamubereka kumbuyo. Njira yotetezeka ndi kusamujambula. Yang'ananinso zimene zili kumbuyo kwa wolankhula. Pakhoma la chipinda cha amayi nthawi zambiri pamakhala bolodi la maina, patebulo pali kaundula wotsegula, m'manja mwa munthu muli kabuku kake ka kuchipatala. Foni za masiku ano zimajambula mooneka bwino moti munthu atha kuimitsa kanema, kukulitsa chithunzi n'kuwerenga dzina ndi matenda. Tsekani kaundula, tembenuzani kabuku, sunthani mpando.

Mwina mukufunsa kuti nanga anthu amva bwanji chisoni ngati sationa tikuvutika. Funso limeneli lavutitsa mabungwe akuluakulu kwa zaka zambiri. M'chaka cha 2012 bungwe la ophunzira a ku Norway lotchedwa SAIH linatulutsa kanema woonetsa anthu a ku Africa akusonkha zotenthetsera m'nyumba kuti apulumutse anthu a ku Norway ku chisanu, pofuna kuti azungu alawe mmene zimamvekera dziko lako lonse likamadziwika ndi mavuto okhaokha. Ife sitikufunika kuphunzitsidwa zimenezi ndi alendo, chifukwa amene ali m'kanemayo ndi mlamu wathu, ndipo tidzakumana naye pamjigo. Chimene chikudwala m'nkhani yathu ndi denga. Jambulani dengalo. Lowani m'chidikiro masana, mutseke chitseko, muloze foni kumwamba: kuwala kwa dzuwa kukulowa m'mabowo a malata ngati nyenyezi. Jambulani mizere yakuda imene madzi anasiya pakhoma, mabeseni ndi zidebe zimene amayi amatchera usiku, mphasa zounjikidwa pakona imodzi youma. Zithunzi zimenezi zimanena zonse ndipo sizichititsa munthu manyazi. Koma musathire madzi pansi kuti paoneke ngati padontha lero. Wina wa m'mudzi adzaulula, ndipo akangoulula, anthu adzakayikira ngakhale manambala anu oona.

Wolankhula wabwino kwambiri si mayi amene ali pachidikiro lero, koma amene anadikirapo chaka chatha, anachira bwino, ndipo mwana wake akukwawa. Iyeyu sali m'manja mwa chipatala, ndiye inde wake ndi weniweni. Mumulole asankhe yekha chovala ndi malo, kaya pakhonde pake kaya pansi pa mtengo wa mango. Mumufunse kuti akufuna atchulidwe bwanji, dzina lake lonse, kapena Nangozo chabe, kapena make wa uje. Foni ikhale molingana ndi maso ake. Mukaimirira iye atakhala pansi, foni n'kumamuyang'ana kuchokera pamwamba, amaoneka wamng'ono ndi wopempha. Khalani pansi nanunso. Musamulembere mawu oti aloweze. Mufunseni mafunso otseguka: "Usiku wa mvula munkagona bwanji?" "N'chifukwa chiyani simunabwerere kunyumba?" "Mukufuna amayi a chaka chino adzapeze chiyani?" Akalira, imitsani kujambula, ndipo misoziyo isalowe m'kanema pokhapokha iye mwini ataiona n'kunena kuti ikhale. Musamulipire kuti alankhule, chifukwa ndalama imasandutsa chilolezo kukhala malonda, koma ngati wakwera kabaza kubwera kumene muliko, mubwezereni ya ulendo.

Nayi ndondomeko ya kanema wathu wa denga, wotalika mphindi imodzi ndi theka. Masekondi khumi oyamba ndiwo ofunika koposa, chifukwa munthu amene akuonera ndi bandulo yake yochepa amasankha pomwepo ngati apitirize. Musayambe ndi chipata cha chipatala, nyimbo ndi malonje a akuluakulu. Yambani ndi mabowo a denga aja, mawu a wapampando akumveka: "Amayi oyembekezera amagona pansi pa denga ili. Tikufuna malata 60 mvula isanagwe." Kenako mayi uja alankhule masekondi pafupifupi 25. Atsatire mzamba, masekondi 20, afotokoze chimene chimachitika mayi akabwerera kumudzi nthawi ya mvula, osatchula munthu. Ndiye muonetse matabwa amene agulidwa kale ataunjikidwa pabwalo, ndi kalipentala akuyeza, kuti woonera aone kuti eni munda ayamba kale kupalira ndipo iye akungoitanidwa kudzawonjezera khasu. Masekondi 20 omaliza ndi a pempho lonse: mtengo wa lata, tsiku lomaliza, nambala, dzina. Nambalayo ikhale pakanema nthawi yokwanira kuti munthu aiwerenge mokweza kawiri, chifukwa ambiri adzailemba papepala asanatumize.

Za kajambulidwe sindichulutsa. Anthu amapirira chithunzi chosaoneka bwino, koma sapirira mawu osamveka. Foni ikhale pafupi ndi wolankhula, kutalika kwa mkono umodzi, kapena mumupanikize pakolala kamaikolofoni ka chingwe cha zomvetsera m'makutu. Pewani mphepo, jenereta, ndi mvula yogunda pamalata. Kuwala kuchokere kutsogolo kwa nkhope: munthu ayang'ane kuwindo, osati windo likhale kumbuyo kwake, apo ayi adzaoneka ngati chithunzithunzi chakuda. Panja jambulani m'mawa kapena madzulo, kapena pamthunzi. Tsamiritsani foni pa njerwa kapena pampando kuti isagwedezeke, pukutani galasi lake, ndipo muiike pa Airplane mode kuti wina asaimbe mayi ali pakati pa nkhani. Popeza ambiri adzaonera pafoni, jambulani foni itaimirira, ndipo musasinthe pakati. Mukasankha 1080p ndiye zakwana. Pokonza, kaya ndi CapCut kapena pulogalamu ina, ikani mawu olembedwa m'munsi, chifukwa ena amaonera m'minibasi atatseka mawu, ndipo anzawo a ana athu ku Britain samva Chichewa. Zilembo zikhale zazikulu, pakuti WhatsApp imafinya kanema ndipo tizilembo ting'onoting'ono timasungunuka. Nyimbo yachisoni isiyeni. Imauza woonera kuti alire, pomwe inu mukufuna kuti agule lata, komanso nyimbo ya mwini wake itha kuchititsa kuti Facebook itseke mawu a kanema wanu.

Pokonza m'pamene ulemu umatayika mosavuta, chifukwa mwini mawu palibe. Mayi uja mwina ananena kuti, "Tinkanyowa usiku wonse, koma azamba ankabwera ndi tochi kudzationa." Mukadula theka lachiwirilo kuti mupulumutse masekondi atatu, mwamuyankhulitsa zodandaula zimene sananene, ndipo mwadetsa azamba amene iye amawayamika. Dulani kubwereza ndi kukhosomola, koma musadule tanthauzo. Mawu olembedwa m'Chingerezi anenenso chimene iye ananena, osawonjezera tsabola.

Mukamaliza, musatumize kaye. Pitani ndi foni kwa aliyense amene akuoneka m'kanemamo, aonere yekha kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo mumufunse ngati pali chimene akufuna chichoke. Akati chichoke, chichotseni popanda kumunyengerera. Muonereni nkhope pamene akuonera. Ngati waitana mwana wake kapena mnansi kuti adzaone nawo, mwajambula bwino. Ngati wangoti zii n'kuyang'ana pansi, pali chimene chamuvula, ngakhale pakamwa anene kuti zili bwino, ndipo muyenera kufunsa mofatsa kuti n'chiyani.

Kuyesa kwachiwiri n'kwa pempho. Pezani munthu amene sakudziwa za nkhaniyi, mwina wogulitsa tomato pamsika, aonere kamodzi kokha. Mumufunse zinthu zitatu: tikufuna chiyani, pofika liti, ndipo iye angatumize bwanji. Akayankha kuti "mukufuna thandizo la chipatala," dima lanu silinamemedwe, bwererani mukakonze. Akayankha kuti "malata 60, pofika kumapeto kwa Okutobala, pa nambala ija," tumizani.

Potumiza, yambani ndi anthu amene ali ndi chifukwa chosamalira: ana a m'deralo amene ali ku Lilongwe, ku Blantyre ndi kunja, magulu a mipingo ndi mizikiti, amene anabadwira pachipatalapo. Uthenga wopita kwa munthu ndi dzina lake umayankhidwa kuposa woponyedwa m'gulu la anthu mazana. Sabata iliyonse tulutsani kakanema ka masekondi 20 konena pamene mwafika, kuti malata 22 apezeka, atsala 38, chifukwa anthu amalowa msanga m'munda umene akuona kuti mizere ikutha. Msungichuma alembe ndalama iliyonse m'buku tsiku lomwelo, ndipo opereka amene sakufuna kutchulidwa asatchulidwe.

Malata akafika, jambulani akutsitsidwa pagalimoto ndi kuwerengedwa pamaso pa komiti ndi mfumu, muonetse lisiti, kenako denga litakhomedwa. Kanema wachiwiriyu apite kwa aliyense amene anatumiza ndalama, ngakhale wa K2,000. Ngati mtengo wa malata unakwera pakati ndipo mwagula 52 m'malo mwa 60, nenani choncho, munene mbali ya denga imene yatsala ndi zimene komiti yagwirizana kuchita. Zidutswa zonse zimene simunagwiritse ntchito, makamaka zooneka nkhope za anthu, muzifufute m'foni yanu ndi ya aliyense amene munamutumizira pokonza, ndipo mapepala a chilolezo akasungidwe ndi mlembi wa komiti pamalo okhoma.